Chikondi choyambira pamaliro: mafunso a wolemba nkhani yaifupi

Mutu uwu olemba ambiri amaukonda: anthu awiri amene adaphunzira limodzi kusekondale akumananso pamaliro patapita zaka zambiri, kenaka chikondi n'kumayamba pang'onopang'ono. Ndi mutu wokopa, koma umagwetsa ambiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kawirikawiri kwa anthu oyamba kulemba. Poyankha ndigwiritsa ntchito nkhani imodzi yopeka, ya mayi wina dzina lake Esnati, mphunzitsi wa kupulayimale ku Ntcheu, ndi bambo wina dzina lake Lameki Phiri, makaniko wa ku Lilongwe. Onse ali ndi zaka zopitirirako 40, ndipo maliro akuchitikira m'mudzi wina kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza, mwezi wa Juni.

Kodi si mwano kuyambitsa chikondi pamalo olira?

Ungakhale mwano ngati mnyamata wafunsira pamanda. Owerenga athu amadziwa maliro kuposa mmene amadziwira china chilichonse, ndipo mpangankhani amene angayambe kuyamikira kukongola kwa mayi bokosi lili m'nyumba amamuda pomwepo. Sadzamukhululukiranso ngakhale mumukometse bwanji m'ndime zotsatira.

Komatu chimene chimapangitsa kuti nkhaniyi ikhale yovuta n'chomwecho chimene chimaipatsa mphamvu. Pamaliro akwathu amuna ndi akazi sakhala pamodzi. Mawu amatsika. Kuseka mokweza kulibe, kupatula adzukulu amene mwambo umawalola kuchita nthabwala zawo. Maso a mudzi wonse ali tcheru kuona kuti wabwera ndani, wapepesa ndi zingati, walira bwanji. Anthu awiri amene ali ndi zambiri zoti auzane apezeka pamalo amene sangauzane kanthu. Wolemba safunikanso kupeka chifukwa choti chikondi chichedwe, mwambo wamuchedwetsera kale. Ntchito yake ndi kusauphwanya mwambowo.

Choncho pamaliro penipenipo pasakhale chikondi ayi. Pakhale kuzindikirana kokha, ndi kanthu kena kakang'ono kamene kadzawakakamize kuonananso.

Maliro akhale a ndani?

Ili ndilo funso loyamba kuliyankha musanalembe liwu lililonse, chifukwa malemu ndi amene amaika malire a zonse zimene awiriwa angachite.

Olemba ena amathamangira kuti womwalirayo akhale mwamuna wa mayiyo kapena mkazi wa bamboyo, poganiza kuti apo ndi pamene pali misozi yambiri. Misozi ilipodi, koma mwadzitsekera njira. Namfedwa sachoka pamphasa. Amakhala atazunguliridwa ndi achibale, mutu uli pansi, ndipo pambuyo pa maliro pamakhala nyengo yodikira mpaka akubanja kwa malemu adzamusudzule. Mwamuna wachilendo amene angayambe kuzungulirazungulira pakhomopo nyengo imeneyo, mudzi suona chikondi, umafunsa kuti chibwenzichi chidayamba liti, ndipo ena amafika ponena kuti imfayo njokayikitsa. Imeneyo ndi nkhani yabwino ndithu, koma ndi ya miseche ndi kukayikirana, yofunika buku lathunthu.

Ena amasankha mphunzitsi wawo wakale. Pamenepo njira njotseguka, koma chisoni chimachepa. Gogo wa zaka 80 akamwalira, ophunzira ake amabwera, n'kupepesa, n'kubwerera, palibe chowamanga.

Ine ndidasankha mnzawo wachitatu wa m'kalasi, mayi amene ankagona pabedi loyandikana ndi la Esnati kuhositelo. Wamwalira ali wa msinkhu wawo, choncho imfayo ikuwanong'oneza onse awiri kuti nthawi yapita. Ndipo wasiya mwana wamkazi ali Fomu 1, bambo wake sadziwika kumene adalowera. Anzake a m'kalasi, amene masiku ano amakumana pagulu la WhatsApp, asonkha chipepeso kudzera pafoni, ndipo agwirizana kuti gawo lina likhale la fizi ya mwanayo. Ndalama zafikira pafoni ya Lameki. Kope lolembamo mayina a osonkha lili ndi Esnati. Wina sangapereke chipepesocho popanda mnzake. Malemu wawamanga ndi chingwe chimene palibe angachinene kuti n'chamanyazi.

Amuna ali panja pamoto, akazi ali m'siwa. Nanga akumana pati?

Apa mpofunika kukhala pansi n'kukumbukira maliro enieni amene mudapitako, kuyambira pofika mpaka pobalalika, n'kufufuza timipata.

Munthu akamayandikira amaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, wapanjinga n'kutsika, wachipewa n'kuvula. Amayi avala zitenje ndi maduku, alowa m'nyumba ya siwa kukakhala pansi pafupi ndi thupi. Abambo amalowa pang'ono kukapepesa, n'kutuluka kukakhala pamabenchi, panjerwa kapena pazitsa. Usiku amayi amachezera kuyimba m'nyumba, abambo amaothera moto wa zikuni panja. M'mamawa adzukulu apita kukakumba. Kuseri kwa nyumba miphika ikuluikulu ili pamafuwa, amayi ena akutunga madzi kumjigo, ena akupala moto. Kenaka kuona nkhope, zolankhula za akubanja ndi amfumu, mbiri ya malemu, kulengeza chipepeso, ulaliki, ulendo wa kumanda, kuyala nkhata. Kumandako amuna mbali yawo, akazi mbali yawo.

M'ndondomeko yonseyi mipata yoti mwamuna ndi mkazi amene si pachibale alankhulane ilipo yochepa kwambiri, ndipo yonse ndi ya ntchito. Wina akuthirira mnzake madzi osamba m'manja nthawi ya nsima. Awiri aitanidwa kukapereka chipepeso kwa wolemba. Galimoto ikufunika kukagula kabichi ndi mchere kumsika, ndipo pakufunika mayi mmodzi wodziwa zogula. Sankhani umodzi kapena iwiri, musapeke wina wosakhalako.

M'nkhani yanga kuzindikirana kukuchitika ndi khutu, maso asanaone. Ndi usiku, chisanu cha ku Dedza chalowa m'mafupa, Lameki wakhala pamoto atapinda kolala ya jekete. M'siwa nyimbo yatha, pakhala bata, kenaka mayi wina wayambitsa ina. Ndidalemba motere:

"Lameki adasiya kukankhira chikuni pamoto. Mawuwo adali atakhuthala, koma poyamba mzere ankakwerabe msanga n'kudikira anzake pamwamba, monga ankachitira pamzere wachiwiri wa kwaya Lachisanu lililonse. Mkulu amene adakhala naye pafupi adamufunsa ngati utsi wamulowa m'maso."

Taonani kuti sadaonanebe. Khoma lili pakati pawo, ndipo likhalapo mpaka m'mawa. Owerenga ayamba kale kudikira, ndipo kudikirako ndiko nkhani yathu.

Mpata wachiwiri ndi wa m'mawa, pansi pa mtengo wa mango, kuwerengetsa ndalama ndi mayina asanakapereke kwa amalume a malemu. Mayina 23 ali m'kope, koma ndalama zikusonyeza anthu 22. Akubwereza kuwerenga, mitu itayandikana pang'ono chifukwa foni njaing'ono ndipo dzuwa likuthobwa. Dzina lililonse likudzutsa nkhope ya kusukulu, koma palibe akuseka. Mayi wina wodutsa ndi ndowa pamutu wawayang'ana kawiri. Basi, pamaliro zakwana pomwepo.

Alankhulane motani? Zokambirana zanga zimamveka ngati za m'filimu.

Zimamveka choncho chifukwa mukuwalankhulitsa zimene zili mumtima. Anthu a zaka 40 amene akumana pamaliro sanena zimene zili mumtima. Amafunsana kuti mwafika nthawi yanji, mwayenda bwanji, kunyumba mwasiyako bwanji. Ndipo Chichewa chidatipatsa chida chimene nkhani iyi imatha kuyendera chokha: kusiyana kwa "iwe" ndi "inu".

Kusukulu awiriwa ankaitanana kuti iwe. Ankatchulana mayina achipongwe. Lameki ndiye ankaimba belu, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo sukulu yonse inkamutchula kuti Belu. Lero ndi bambo wa imvi m'ndevu, pamaso pa anthu, pamaliro. Esnati sangamuitane kuti Belu. Anena kuti "a Phiri". Iyenso ayankha kuti "aphunzitsi" kapena "mayi". Zaka zoposa 20 zimene zadutsa zalowa zonse m'kachilembo kamodzi ka ulemu kali kutsogolo kwa dzinako.

"Mwafika liti, a Phiri?"

"Dzulo madzulo. Pepani, aphunzitsi. Inu ndiye mudali naye pafupi."

"Zachitika. Kope lija ndabwera nalo."

Palibe liwu la chikondi, koma wowerenga aliyense wa Chichewa akumva kuti ulemuwu ukuwalemera, ngati nsapato zatsopano. Tsopano ulendo wonse wa nkhani yanu mungauyeze ndi mtunda wochoka pa "inu" kubwerera pa "iwe". Pakati pa nkhani wina apulumutse "iwe" mosazindikira, mwina atakwiya, n'kudzikonza msanga. Mnzakeyo amve, koma asanenepo kanthu. Kumapeto "iwe" abwere mwadala. Pampondachimera pa nkhani yotereyi pamatha kukhala liwu limodzi limeneli, popanda kukumbatirana kapena kugwada ndi mphete.

Chenjezo limodzi. M'mabanja ambiri akwathu mwamuna ndi mkazi amaitanana "inu" moyo wawo wonse, ndipo n'chikondi chenicheni. Choncho "iwe" payekha satanthauza chikondi. Akugwira ntchito muno chifukwa choti awiriwa adali naye kale n'kumutaya. Ngati simudaonetse koyambirira kuti ankaitanana choncho, kubwerera kwake kudzamveka ngati mwano chabe.

Za kusukulu ndiikemo zochuluka bwanji?

Zochepa kuposa zimene mukufuna. Nkhani yanga yoyamba pamutu umenewu ndidailemba ndili wamng'ono, ndipo mkonzi wina adandibwezera atalemba mzere wofiira pamasamba awiri athunthu. Ndidali nditaimitsa maliro, thupi lili m'nyumba, n'kupita kukafotokoza Fomu 1 mpaka Fomu 4: mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, kuzunzidwa kwa ongofika kumene, usiku wa disiko, mayeso a MSCE. Zonse zidali zoona, ndipo zidandikomera polemba. Koma wowerenga pobwerera pamaliro adali ataiwala kuti wamwalira ndani.

Chokwanira ndi chinthu chimodzi chogwirika, chimene onse awiri akuchikumbukira koma mosiyana. Kwa ine ndi belu lija. Tsiku lina Esnati adachedwa kuchokera kumjigo, ndipo Lameki adachedwetsa belu ndi mphindi zingapo kuti asalandire chibalo, iye n'kukalima udzu m'malo mwake. Esnati sadadziwe. Iye amakumbukira kuti Belu adali mnyamata waulesi amene adalangidwapo chifukwa chogona pantchito. Kukumbukira kosiyanaku kumagwira ntchito kawiri: kumatiuza kuti mnyamatayo adali ndi mtima kalekale, komanso kumasunga kachinsinsi kodzaululika mochedwa. Zonsezi zimakwana m'ziganizo zisanu, ndipo siziyenera kubwera pamodzi.

Funso limene limabisala apa ndi lakuti kaya adali pachibwenzi kusukuluko. Ine ndimati ayi. Akakhala kuti adakondanapo, nkhani imasanduka yobwererana, ndipo mudzawononga mawu ambiri kufotokoza chimene chidawalekanitsa. Akakhala anzake chabe, chikondicho n'chatsopano, ndipo chikuwadzidzimutsa iwo eni.

"Pang'onopang'ono" angakwane bwanji m'nkhani yaifupi? Malo m'nyuzipepala ndi ochepa.

Ndi ochepadi. Masamba a Chichewa monga Tamvani wa mu Weekend Nation kapena Tikambe wa mu Malawi News sangakupatseni malo a buku. Tiyerekeze kuti muli ndi mawu 2,000. Kuchedwa kwa chikondi sikutanthauza kuchuluka kwa mawu. Kumaoneka ndi nthawi imene yadutsa pakati pa zochitika, ndi kuchepa kwa zimene zasintha pa chochitika chilichonse. Mumalumpha miyezi, koma mtima mumausuntha ndi phazi limodzi lokha.

Ubwino wake kalendala simuyenera kuipeka. Maliro ali ndi nthawi zake zobwereranso kumudzi, ndipo sukulu ya mwana uja ili ndi matemu atatu, iliyonse yofuna fizi. Umu ndi mmene ndidagawira.

Mawu pafupifupi 600 apita pamaliro: usiku wa nyimbo ndi m'mawa wa kope. Ndi gawo lalitali koposa chifukwa likunyamula malo, malemu ndi anthu onse awiri.

Mawu 300 apita pamsewu wa M1 pa Linthipe, maliro atatha. Apa malo adandipatsa mphatso. Wopita ku Lilongwe amadikira minibasi mbali ina ya msewu, wopita ku Dedza ndi Ntcheu mbali inayo. Awiriwa atsanzikana mwaulemu, aliyense wawoloka kupita mbali yake, ndipo akuyang'anana phula lili pakati. Minibasi ya ku Lilongwe yaima, kondakitala akukuwa kuti malo alipo, Lameki wapukusa mutu. Yachiwiri chimodzimodzi. Wakwera pokhapokha ataona kuti Esnati wakwera yake. Sindidafotokoze chifukwa. Mwina ndi ulemu chabe, wosasiya mayi yekha pamsewu dzuwa likulowa. Kukayikitsako n'kofunika, chifukwa pa nthawi imeneyi ngakhale Lameki sakudziwa.

Mawu 350 apita mwezi wa Seputembala, sukulu zikutsegulira. Akumana kuti akalipire fizi ndi kugula zofunika za mwana: sopo, shuga, mafuta odzola, makope. Akangana pang'ono pamsika, Lameki akufuna kugula nsapato zodula, Esnati akuti ndalama si zathu, tilembe chilichonse. Pokangana pomwepo mpamene "iwe" woyamba wapulumuka: "Iwe, ndalama za anthu izi!" Kenaka chete, kenaka, "Ndimati, a Phiri, tisamale."

Mawu 350 apita mu Januwale, nthawi ya mvula ndi njala. Anthu a pagulu lija, amene adalonjeza ndi misozi mu Juni, asiya kutumiza. Mwa 23 atsala anayi. Izi aliyense amene adakhalapo pagulu lotere akuzidziwa. Lameki wakwaniritsa fizi ndi ndalama zake osanena, Esnati watulukira chifukwa masamu a m'kope sakugwirizana, ndipo akuimba foni usiku kuti amudzudzule. Foniyo ikutha patapita ola, atakamba za ana awo, za ukwati wa Esnati umene udatha, za mkazi wa Lameki amene adamwalira zaka zisanu zapitazo. Zimene akambazo sindidazilembe zonse. Ndidalemba kuti mayunitsi adatha, ndipo Lameki ndiye adaimbanso.

Mawu 400 otsala apita mu Ogasiti wa chaka chotsatira, pamwambo wa chiliza, m'mudzi womwe uja. Chaka ndi miyezi iwiri zadutsa m'zochitika zisanu.

Muone kuti pa chochitika chilichonse pali ntchito yeniyeni yowakumanitsa, ndipo chikondi chikulowera m'mbali ngati mphepo ya pansi pa chitseko. Mukangowakumanitsa popanda chifukwa, kuti akamwe zoziziritsa kukhosi, ndiye kuti mmodzi wafunsira kale, ndipo kuchedwa kwatha.

Popanda mdani nkhani siikoma. Ndiikemo mkazi wansanje kapena mwamuna wakale?

Mungathe, koma mudzaona kuti akudya malo a eni nkhani. Mwamuna wakale akangotulukira ndi chikwanje, owerenga asiya kutsatira mitima iwiri ija n'kuyamba kudikira ndewu.

Zotchinga zokwanira zili kale m'nkhanimo. Choyamba ndi manyazi: kodi anthu adzati chiyani akamva kuti tidapezana pamaliro a mnzathu? Esnati ndi amene izi zikumuvuta kwambiri, chifukwa malemu adali mnzake wapamtima, ndipo chimwemwe chilichonse chimene akumva chikuoneka ngati chobedwa pamanda.

Chachiwiri ndi mwana uja. Pakati pa Achewa mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndipo mwinimbumba, amalume, ndi amene ali ndi mawu pa iye. Anzake a malemu, ngakhale alipire fizi, ndi alendo. Olemba ena amamaliza nkhani ndi awiriwa atatenga mwana wamasiye n'kukhala banja losangalala, ngati amalume kulibe. Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Kasungu aseka. M'nkhani yanga amalumewo si munthu woipa. Ndi mlimi wosauka amene akuthokoza thandizo, koma akuyamba kudabwa kuti bambo wa ku Lilongweyu akubwereranji kawirikawiri, ndipo tsiku lina akufunsa Esnati mwaulemu wonse kuti, "Kodi a Phiriwa ndi bambo a kunyumba?" Funso limenelo, lofunsidwa ndi munthu wakunja, ndilo likumuuza Esnati chimene wakhala akukana kudziuza. Mdani sakadachita ntchito imeneyi bwino chotere.

Chachitatu ndi ana awo ndi moyo umene aliyense adamanga kale. Mphunzitsi sangangonyamuka ku Ntcheu, galaja singasamuke ku Lilongwe. Izi muzingozikhudza, musazithetse.

Ndingadziwe bwanji kuti ndathamanga kapena ndalakwitsa?

Werengani mokweza, makamaka pamaso pa munthu wamkulu amene wayenda m'maliro ambiri. Akakudulani n'kunena kuti "sizitero", mverani. Kawirikawiri amagwira zinthu zing'onozing'ono: mayi wafika pasiwa atavala thalauza popanda chitenje ndipo palibe wanenapo kanthu, mwamuna wakhala pamphasa pakati pa amayi usiku wonse, awiri achoka pamaliro thupi lisanaikidwe kukadya kulesitilanti. Cholakwa chimodzi chotere chimagwetsa chikhulupiriro cha wowerenga pa zonse zotsatira.

Kenaka fufuzani liwu loti "chikondi" ndi abale ake, monga "mtima wake udagunda" ndi "adamva china chake". Likapezeka m'theka loyamba la nkhani, mwathamanga. Lichotseni muone ngati chochitikacho chikuimabe. Chikagwa, ndiye kuti mumauza wowerenga zimene simudamuonetse.

Chizindikiro china n'chakuti malemu wasowa. Ngati pofika pakati pa nkhani womwalirayo sakutchulidwanso, ndiye kuti maliro adali pokwerera basi chabe, ndipo awiriwa akadatha kukumana kubanki. Malemu azipezeka m'chochitika chilichonse, ngakhale pang'ono: mwana akuseka ngati mayi ake, Esnati wapeza nambala yake ikadali m'foni ndipo akulephera kuifufuta.

Palinso vuto la mbali inayo, nkhani yochedwa mpaka kuima. Mungaliyeze polemba chiganizo chimodzi pa chochitika chilichonse chonena chimene chasintha pakati pa awiriwa. Pa Linthipe: wadikira. Pamsika: "iwe" wapulumuka. Pafoni: auzana mabala awo. Mukapeza chochitika chimene mulibe chonena, chichotseni, ngakhale chikhale ndi ziganizo zokoma bwanji.

Ndiwonjeze za miyambi, popeza ambiri timaganiza kuti nkhani ya Chichewa siikwana popanda mwambi pandime iliyonse. Mwambi ukhale m'kamwa mwa munthu woyenera, amfumu polankhula pamaliro kapena amalume pochenjeza. Wofotokoza nkhani akayamba kutiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye kuti akutiphunzitsa chimene nkhaniyo imayenera kutimvetsa yokha.

Ithere paukwati?

Ukwati wakwathu uli ndi njira yake: kukaonekera kwa amalume, ankhoswe, chinkhoswe, kulengeza kutchalitchi. Kuti mufike kumeneko m'mawu 400 muyenera kuthamanga, ndipo mudzawononga kuchedwa konse kumene mwakusamala kuyambira pachiyambi. Nkhaniyi funso lake silakuti akwatirana liti. Funso lake n'lakuti kaya adzalola kuvomereza chimene chikuchitika. Likayankhidwa limenelo, imani.

Yanga ikuthera pachiliza. Mwambowu ndi wopepukirapo kusiyana ndi maliro: anthu amalira pang'ono, koma amadya, amacheza, ena amaseka. Kwa Esnati, simenti ikauma pamanda a mnzake ndi ngati chilolezo. Mwana uja, amene tsopano watalika, wawerenga dzina la mayi ake pamwala. Pobwerera kuchokera kumanda mnzawo wina wa m'kalasi, mmodzi mwa anayi okhulupirika aja, akukumbutsa nkhani ya chibalo cha udzu, n'kuulula mosadziwa chimene belu lidachedwera tsiku lija. Esnati sakuyankha. Lameki akuyang'ana nsapato zake.

Kenaka tili pa Linthipe kachiwiri, madzulo. Atsanzikana monga kale, Lameki wawoloka kupita mbali yake. Minibasi ya ku Ntcheu yafika, kondakitala watsegula chitseko, ndipo ulendo uno Esnati ndi amene wapukusa mutu. Yapita. Wayang'ana uku ndi uku, wakweza chitenje pang'ono, wawoloka msewu.

"Mwaiwala kanthu, aphunzitsi?"

"Iwe Belu," adatero Esnati, "udachedwetsa ndi mphindi zingati?"

Mzere womaliza umenewu ndidaulemba kasanu. Poyamba Lameki ankayankha, ndipo yankho lililonse limene ndidamupatsa linkachepetsa funsolo, mpaka ndidamusiya ali chiimire ndi chikwama m'manja, minibasi ya ku Lilongwe ikuliza hutala kumbuyo kwake.